Madzi ndi mchere m'thupi: kutsatira mwana mmodzi wotsegula m'mimba

Wophunzira unamwino amene adzagwire ntchito kuno ku chigwa cha Shire adzakumana ndi nkhani ya madzi ndi mchere m'thupi asanamalize n'komwe mlungu wake woyamba m'wodi. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha ku Nchalo, ku Ngabu ndi ku Nsanje kumapyola madigiri 40, ndipo dzinja likafika mitsinje ya Shire, Ruo ndi Mwanza imasefukira n'kukokolola zimbudzi, zitsime n'kuipa, monga zinachitikira mu 2015 komanso nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023, pamene dziko linali kale pakati pa mliri wa kolera umene unayamba mu 2022. Mutuwu ndi waukulu, choncho pano titsatira mwana mmodzi wotsegula m'mimba kuyambira pamene wafika mpaka pamene akutuluka, chifukwa pa mwana ameneyu pamaoneka pafupifupi zonse zimene wophunzira wa chaka choyamba ayenera kumvetsa.

Tisanamulandire, tiyambe tadziwa kumene madzi amakhala m'thupi. Mwa munthu wamkulu, madzi ndi magawo pafupifupi 60 pa 100 a kulemera kwake, kotero kuti bambo wolemera makilogalamu 60 wanyamula malita pafupifupi 36. Mwa malita amenewa, 24 ali m'kati mwa maselo ndipo 12 ali kunja kwa maselo. Mwa 12 akunjawo, malita 9 ali m'mipata ya pakati pa maselo, ndipo 3 okha ndiwo akuyenda m'mitsempha ngati mbali yamadzimadzi ya magazi, imene timaitcha pulazima. Nambala yomalizayi ndi imene muyenera kuigwira kwambiri, chifukwa mtima umapopa kuchokera pa malita ochepa amenewa, ndipo munthu wodwala kolera angathe kutaya lita yathunthu m'ola limodzi. Khanda lili ndi madzi ambiri poyerekeza ndi kulemera kwake, magawo 70 kapena kupitirira, ndipo gawo lalikulu la madziwo lili kunja kwa maselo, kumene kutsegula m'mimba kumayambira kutunga. N'chifukwa chake mwana amafooka m'maola ochepa pamene wamkulu akanatha kupirira tsiku lonse.

Chimene chimasunga madzi pa malo ake ndi mchere wosungunuka m'madzimo, ndipo pa mitundu yonse ya mchere, iwiri ndiyo itiperekeze m'nkhani yonseyi. Sodiyamu amakhala kunja kwa maselo, ndipo m'magazi a munthu wabwinobwino amapezeka mamilimolo 135 mpaka 145 pa lita imodzi, milimolo pokhala muyezo wa kuchuluka kwa mchere. Potaziyamu amakhala m'kati mwa maselo, pafupifupi 140 pa lita, pamene m'magazi amangopezeka 3.5 mpaka 5.0 basi. Khungu la selo limalola madzi kudutsa mosavuta koma sililola mchere kudutsa mwachisawawa, ndiye madzi amasamukira mbali imene kuli mchere wambiri mpaka mbali ziwirizo zitafanana mphamvu. Aliyense amene anathirapo mchere pa nsomba yofuna kuyanika anaona zimenezi ndi maso, pamene madzi a m'nsomba amatulukira kunja kutsatira mchere. Dzina lake m'mabuku ndi osimosisi. Sodiyamu akachuluka m'magazi, maselo amafota chifukwa madzi awo akokedwa, ndipo akachepa, madzi amalowa m'maselo n'kuwatupitsa. Maselo a ubongo, amene atsekeredwa m'chigaza, ndiwo amayamba kudandaula pa zonse ziwiri.

Tsopano tiyerekeze kuti mwana wafika. Ndi wa chaka chimodzi ndi miyezi 4, wabwera pa kabaza kuchokera kumudzi wa m'mphepete mwa Shire atabelekedwa kumbuyo kwa mayi ake, ndipo pa sikelo akulemera makilogalamu 9. Mayi akuti anayamba kutsegula m'mimba usiku wa dzulo, chimbudzi chake ndi madzi okhaokha otuwa ngati otsukira mpunga, monga chimakhalira cha kolera, ndipo wasanza katatu. Funso limene ophunzira ambiri amaiwala ndi lakuti, "Mayi, mwanayu wakodza komaliza nthawi yanji?" Yankho lake pano n'lakuti kuyambira m'bandakucha sanakodzeko. Impso sizinawonongeke ayi, zikuchita ntchito yake, chifukwa magazi akachepa thupi limatulutsa mahomoni amene amauza impso kuti zisunge madzi ndi sodiyamu, limafinya mitsempha ya m'manja ndi m'miyendo kuti magazi apite ku ubongo ndi ku mtima, ndipo mtima umathamanga. Ndiye mukagwira manja ozizira a mwanayo kunja kukutentha chotere, n'kumva mtsempha wa pamkono ukugunda mofulumira koma mofooka, dziwani kuti thupi layamba kale kudziteteza ndipo latsala pang'ono kugonja. Musadikire kuti bipi itsike, popeza mwa mwana bipi imatsika mochedwa, zinthu zitafika kale poipa.

Ndondomeko ya bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, imene imatsatidwa m'zipatala zathu, imayang'ana zinthu zinayi: mmene mwana alili, maso ake, kamwedwe kake, ndi khungu lake mukalitsina. Khungu limatsinidwa pamimba, pakati pa mchombo ndi m'mbali, chotsinacho chitsate kutalika kwa thupi, ndipo mugwire khungu pamodzi ndi mafuta a pansi pake kwa sekondi imodzi musanasiye. Mwana amene ali ndi zizindikiro ziwiri mwa izi, kulefuka kapena kukomoka, maso olowa m'kati, kulephera kumwa, ndi khungu lotenga masekondi awiri kapena kuposerapo kuti libwerere, wataya madzi kwambiri, ndipo timayerekeza kuti wataya magawo 10 pa 100 a kulemera kwake kapena kuposa. Amene akuvutavuta ndi kulira, akumwa mwaphuma ngati alandidwa kapu, maso alowa ndipo khungu likubwerera pang'onopang'ono, wataya madzi mwapakatikati. Kusiyana kwa ana awiriwa kumasocheretsa ongoyamba kumene, chifukwa wolira ndi amene amakoka maso a aliyense m'wodi, pamene wongogona duu osadandaula ndiye ali pafupi ndi imfa. Pa za maso, funsani mayi ngati ndi mmene amaonekera masiku onse, chifukwa ana ena ndi obadwa ndi maso olowa. Mupezanso kuti mayi ena apaka mankhwala pa liwombo poona kuti lalowa. Musawakalipire, koma afotokozereni kuti liwombo lalowa chifukwa madzi achepa ndipo lidzabwerera madziwo akabwezeredwa.

Mwana wathu ndi wolefuka, maso alowa, sakutha kumwa, ndipo khungu likuima ngati hema. Koma musanakhudze diripi pali zinthu ziwiri zofunika kuchita, ndipo zonse zimatenga mphindi imodzi kapena ziwiri. Choyamba, yezani mkono wake ndi kalamba koyezera kunyentchera ndipo dinani pamwamba pa mapazi onse awiri. Ngati muyezo uli pansi pa masentimita 11.5, kapena mapazi onse awiri atupa, mwanayo ndi wonyentchera kwambiri, ndipo zonse zimene zikutsatirazi sizimukhudza. Mtima wa mwana wotere ndi wofooka, thupi lake lasunga kale sodiyamu wambiri ndipo lasowa potaziyamu, kotero kuti diripi yothamanga ingathe kumupha. Iye amabwezeredwa madzi pang'onopang'ono kudzera pakamwa kapena pa chubu cha m'mphuno, diripi n'kusungidwira amene magazi asiya kuyenda bwino, ndipo ngakhale kutsina khungu sikudalirika pa iye chifukwa khungu lake ndi lofota kale. Chachiwiri, yezani shuga m'magazi, popeza mwana amene sanadye usiku wonse angathe kulefuka chifukwa cha kuchepa kwa shuga, ndipo madzi okha sangamudzutse. Wathuyu mkono wake ndi masentimita 13.5, mapazi sanatupe, shuga ali bwino, ndiye tikupita ku Pulani C, imene pa mapulani atatu a ndondomeko ija, A, B ndi C, ndiyo ya mwana wotaya madzi kwambiri.

Pulani C imapereka mamililita 100 pa kilogalamu iliyonse kudzera m'mitsempha, m'magawo awiri. Kwa mwana wa miyezi 12 kupita m'tsogolo, mamililita 30 pa kilogalamu amalowa m'mphindi 30 zoyamba, ndipo 70 otsalawo amalowa m'maola awiri ndi theka. Kwa khanda losakwana miyezi 12, kuchuluka n'komweko koma nthawi ndi yowirikiza: ola limodzi pa gawo loyamba, maola 5 pa lachiwiri. Mwana wathu wa makilogalamu 9 afunika mamililita 900, ndiye kuti 270 m'mphindi 30, kenako 630 m'mphindi 150. Kuti tisandutse zimenezi kukhala madontho, tiyang'ana papepala lokutira chubu cha diripi, pamene palembedwa madontho amene amapanga mililita imodzi. Machubu ambiri ndi a madontho 20, ena 15, ndipo a ana aang'ono ndi a 60, choncho musaganizire, werengani.

```
madontho pa mphindi = (mamililita x madontho pa mililita) / mphindi
(270 x 20) / 30  = 180
(630 x 20) / 150 = 84
```

Madontho 180 pa mphindi palibe amene angawawerenge ndi maso, ndipo choona chake n'chakuti diripi imakhala yotsegulidwa pafupifupi yonse. Chimene chimathandiza ndi kulemba mzere pa thumba la diripi pamene madzi ayenera kufika mphindi 30 zikatha, n'kuima pomwepo osachoka. Madontho 84 a gawo lachiwiri ndi 21 pa masekondi 15 alionse, amene mungathe kuwawerenga ndi wotchi, ndipo pa ola limodzi ayenera kulowa mamililita pafupifupi 250. Dziwani kuti diripi imasintha liwiro yokha mwana akapinda mkono kapena mayi akamunyamula, n'chifukwa chake ine ndimakhulupirira kwambiri mizere ya pa thumba kusiyana ndi madontho amene ndinawerenga ola lapitalo. Ngati gawo loyamba latha koma mtsempha wa pamkono sukumvekabe bwino, gawolo limabwerezedwa kamodzi. Mtsempha wolowetsa kanyula ukakana, musataye theka la ola mukubaya pano ndi apo, itanani wamkulu wanu msanga chifukwa pali njira ya m'fupa ndi ya chubu cha m'mphuno.

Nanga thumba lake likhale liti? Yankho limachokera pa zimene mwanayo wataya. Chimbudzi cha kolera si madzi wamba: mwa mwana, lita iliyonse imatuluka ndi sodiyamu pafupifupi mamilimolo 100, potaziyamu pafupifupi 30, komanso bayikaboneti wambiri, amene ntchito yake ndi kuletsa magazi kuti asachite asidi. Madzi amene amafanana kwambiri ndi zotayikazi ndi Ringazi lakiteti, amene ali ndi sodiyamu pafupifupi 130, potaziyamu 4 kapena 5, ndi lakiteti amene chiwindi chimamusandutsa bayikaboneti. Nomo selaini, wa sodiyamu 154 ndi kolorayidi 154, amagwira ntchito ngati Ringazi palibe, koma alibe potaziyamu ndipo sachepetsa asidi. Chimene simuyenera kupachika pa mwana ameneyu ndi dekisitirozi wa 5 pa 100 payekha, amene ndi madzi a shuga opanda mchere. Shuga wake akangogwiritsidwa ntchito ndi maselo, chotsala ndi madzi opanda mchere, amene amamwazikira thupi lonse, magawo awiri mwa atatu n'kulowa m'maselo, ndipo pa lita yonse osakwana mamililita 100 ndi amene amatsala m'mitsempha. Mtima umakhalabe wopanda chopopa, sodiyamu wa m'magazi amasukuluka, ndipo ubongo umayamba kutupa. Matumbawa amafanana maonekedwe, makamaka usiku magetsi atazima, ndiye werengani dzina mokweza musanaboole.

Pa maola atatu amenewa pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna muchimvetse bwino, ndicho kapumidwe. Mwana wathu anafika akupuma mozama komanso mofulumira, ngati munthu wothamanga mtunda, ndipo wophunzira wina angaganize kuti ndi chibayo. Kupuma kumeneku n'kwa asidi: bayikaboneti watayika m'chimbudzi, minofu yosowa magazi ikutulutsa asidi wina, ndipo mapapo akuyesetsa kuchepetsa asidiyo potulutsa mpweya woipa wambiri. Mukamvetsera pachifuwa mumapeza kuti m'mapapo muli mbee, ndipo madzi akamalowa kupumako kumatsika. Kupuma kwa madzi ochuluka kumayenda mosiyana. Kumayamba kapena kumakula diripi ili m'kati, kumabwera ndi kukhosomola, m'munsi mwa mapapo mumamveka tiphokoso ngati tsitsi lopekesedwa pafupi ndi khutu, zikope zimatupa, ndipo mtima umene unayamba kudekha umathamanganso. Mwana woyamba akufuna madzi, wachiwiri akufuna kuti diripi iimitsidwe ndipo dokotala aitanidwe. Chokhacho chimene chingakuuzeni kuti muli ndi uti ndi nambala ya kapumidwe ndi ya kugunda kwa mtima imene munalemba musanayambe diripi, kenako pa mphindi 15 mpaka 30 zilizonse. Amene sanalembe nambala yoyamba alibe poyerekezera.

Patatha ola limodzi ndi theka, mwana wathu watsegula maso ndipo akufuna bere. Mayi ayamwitse, ndipo muyambe kumupatsa Thanzi, madzi akumwa a mchere ndi shuga a m'paketi, pang'onopang'ono, mamililita 5 pa kilogalamu pa ola, amene kwa iye ndi 45, diripi ikupitirira. Ambiri amaona ngati Thanzi ndi mankhwala a amene sakudwala kwambiri ndipo diripi ndiye chithandizo chenicheni, ndipo achibale ena amafika pokwiya mukachotsa diripi. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo chifukwa chake chili mu potaziyamu. Mamililita 900 a Ringazi amene tapereka ali ndi potaziyamu wongokwana mamilimolo pafupifupi 4, pamene mwanayo wataya wochuluka kuwirikiza kangapo. Lita imodzi ya Thanzi ili ndi potaziyamu 20, sodiyamu 75, gulukosi 75, kolorayidi 65 ndi sitireti 10 amene amagwira ntchito ya bayikaboneti. Gulukosiyo sanaikidwemo kuti madzi atsekemere. M'matumbo aang'ono muli tizipata timene timalowetsa sodiyamu pokhapokha ngati wabwera limodzi ndi gulukosi, madzi n'kutsatira pambuyo, ndipo poizoni wa kolera, amene amachititsa matumbo kutulutsa kolorayidi ndi madzi, satseka tizipata timeneti. N'chifukwa chake munthu amene akutsegulabe m'mimba amathabe kuyamwa madzi a Thanzi.

Potaziyamu ali ndi khalidwe lobisala limene liyenera kukuchenjezani. Pamene magazi ali ndi asidi wambiri, potaziyamu amatuluka m'maselo n'kulowa m'magazi, kotero kuti mukayeza magazi a mwanayo pofika mungapeze 4.0 n'kuganiza kuti zonse zili bwino, chonsecho nkhokwe ya m'maselo yaphwa. Ringazi akachotsa asidi, potaziyamu amabwerera m'maselo, ndipo wa m'magazi amagwa. Ndiye mwana amene anatsitsimuka madzulo mungamupeze m'mawa mwake ali lobodoka, khosi likulephera kunyamula mutu, mimba itafufuma ndipo mukamvetsera simukumva matumbo akulira, nthawi zina mtima ukugunda modumphadumpha. Mayi amati chakudya chamukhala m'mimba, koma chachitika n'chakuti minofu ya matumbo yasowa potaziyamu ndipo yaleka kukankha. Zipatala zambiri zazing'ono za kuno sizingayeze potaziyamu tsiku lomwelo, ndiye maso ndi manja anu ndiwo labu. Njira yopewera ndi kuyamba Thanzi msanga ndi kubwezeretsa chakudya, monga bere, phala ndi nthochi yokanya. Ngati dokotala walamula potaziyamu wa m'diripi, pali malamulo amene saphwanyidwa: amasungunulidwa m'thumba n'kusakanizidwa bwino, amalowa pang'onopang'ono, saperekedwa kwa wodwala amene sakukodza, ndipo sabayidwa mwachindunji mumtsempha ngakhale pang'ono, chifukwa amaimitsa mtima nthawi yomweyo.

Maola atatu akatha mumamuyezanso mwanayo ndi zizindikiro zinayi zija ngati kuti wangofika kumene. Tinene kuti tsopano ali maso, akumwa mwaphuma, maso akadali olowa pang'ono ndipo khungu likubwerera mochedwerako. Wachoka pa gulu loyamba, wafika pa lapakati, ndipo Pulani B ndi mamililita 75 a Thanzi pa kilogalamu m'maola 4. Kwa iye ndi 675, kapena pafupifupi 170 pa ola, operekedwa ndi supuni kapena timakapu pa mphindi imodzi kapena ziwiri zilizonse. Akasanza, dikirani mphindi 10 n'kuyambiranso mofatsa, chifukwa ambiri mwa madzi amene wamwa amakhala atalowa kale. Zikope zikatupa, imitsani Thanzi n'kupitiriza bere ndi madzi wamba. Kanyula musathamangire kuichotsa, popeza mwana wa kolera angathe kubwerera m'mbuyo m'maola ochepa.

Kubwerera m'mbuyo kumeneku ndiko kumatifikitsa pa tchati cha madzi olowa ndi otuluka, chimene ophunzira amachiona ngati ntchito ya ukalaliki. Mapulani onsewa amabweza madzi amene anatayika mwanayo asanafike, koma sawerengera amene akutayika panopa. Tinene kuti m'maola 4 a Pulani B mwana wathu wamwa 675, koma watsegula m'mimba kasanu, pafupifupi mamililita 100 ulendo uliwonse, ndipo wasanza kamodzi mamililita 50. Zotuluka ndi 550, ndiye chimene wapindula ndi 125 yokha, tisanachotsepo mkodzo, thukuta ndi chinyezi cha mpweya wopuma, zimene sizilowa m'ndowa koma m'wodi ya malata masana a Novembala ndi zochuluka ndithu. Pa pepala, mwanayo walandira zonse zimene analamulidwa, koma m'thupi sanasunthe. N'chifukwa chake bedi la kolera limabooledwa pakati n'kuikidwa ndowa pansi, ndipo n'chifukwa chake chimbudzi chilichonse chiyenera kubwezedwa ndi Thanzi wowonjezera. Kwa mwana wovala thewera, yezani thewera louma pa sikelo, muyezenso likanyowa, ndipo galamu imodzi muiwerenge ngati mililita imodzi. Lembani nambala, osati mawu akuti "wamwa bwino", amene sathandiza namwino wolandira ntchito usiku. Chizindikiro chodalirika choti madzi afika kumene akufunika ndi mkodzo, umene mwa mwana uyenera kufika mililita imodzi pa kilogalamu pa ola, ndipo mwa wamkulu theka la mililita. Kwa mwana wathu ndi mamililita 9 pa ola, kapena oposa 50 pa maola 6. Ngati wabwezeredwa madzi okwanira koma maola akupita osakodza, nenani msanga, chifukwa impso zimene zinakhala nthawi yaitali zopanda magazi zimatha kuvulala, ndipo zikatero madzi ndi potaziyamu zimayamba kuunjikana.

Patsala sodiyamu, amene vuto lake nthawi zambiri limayambira kunyumba, pa kasungunulidwe ka Thanzi. Paketi ya lita imodzi iyenera kusungunulidwa m'lita yathunthu ya madzi owiritsa kapena othira kolorini, ndipo zotsala zimatayidwa pakatha maola 24. Mayi amene wathira paketi yonse m'kapu yaikulu ya theka la lita, poganiza kuti mankhwala akhale amphamvu, wapanga madzi a sodiyamu 150 ndi shuga wowirikiza, amene amakoka madzi kuchokera m'thupi kupita m'matumbo n'kukweza sodiyamu wa m'magazi. Zakumwa zotsekemera za m'mabotolo zimachita zofananako, chifukwa shuga wake ndi wambiri ndipo mchere mulibe. Ndipo poti mijigo ina ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje imatulutsa madzi a mchere, ndi bwino kufunsa kumene banjalo limatunga madzi n'kulilangiza kuti la Thanzi lisankhe madzi osawawa mchere ngati alipo. Mwana amene sodiyamu wake wakwera amanyenga, chifukwa madzi a m'maselo asamukira kunja, ndiye khungu silingaime kwambiri mukalitsina, limangomveka ngati ufa wokanda, ndipo mtsempha umagundabe bwino. Chimene chimamuulula ndi ludzu loposa mmene akuonekera, kulira kokwera mawu, kunjenjemera, ndipo pena kukomoka ngati wa khunyu. Sodiyamu wotere amatsitsidwa pang'onopang'ono, makamaka kudzera pakamwa, chifukwa kumutsitsa mwadzidzidzi kumathamangitsira madzi m'maselo a ubongo. Mbali inayo ndi ya mwana amene wapatsidwa madzi wamba kapena tiyi yekha kwa masiku awiri, kapena bambo amene wadula nzimbe tsiku lonse thukuta lili kamukamu n'kumangomwa madzi osadya kanthu. Sodiyamu wawo amatsika, ndipo amabwera ndi mutu, nseru, kukokana kwa minofu, kusokonezeka, mwinanso kukomoka. Popeza kukwera ndi kutsika komwe zingathere pa kukomoka, funso lakuti "Mwakhala mukumupatsa chiyani, ndipo munasungunula bwanji?" limakuuzani zambiri zotsatira za labu zisanabwere.

Mwana wathu akafika poti zizindikiro zonse zatha, akukodza, akudya, ndipo kutsegula m'mimba kwachepa, amapita pa Pulani A, ya kunyumba. Wosakwana zaka ziwiri ngati iyeyu amwe mamililita 50 mpaka 100 a Thanzi akangochita chimbudzi chamadzi, wamkulupo amwe 100 mpaka 200, ndipo alandire zinki wa mamiligalamu 20 tsiku lililonse kwa masiku 10 mpaka 14, kapena 10 ngati sanakwane miyezi 6. Zinki amapitirizidwa ngakhale kutsegula m'mimba kutaleka. Mayi auzidwe kuti abwere naye msanga akayamba kukana kumwa kapena kuyamwa, akamasanza chilichonse, akatentha thupi, kapena magazi akaoneka m'chimbudzi. Musanawatsanzike, musangowafunsa ngati amva, chifukwa mwaulemu adzayankha kuti eya. Afunseni chimene amatungira madzi akumwa kunyumba, mupeze botolo la theka la lita, muwapatse paketi, ndipo asungunule okha inu mukuona, mabotolo awiri odzaza pa paketi imodzi. Kenako muyezenso mwanayo pa sikelo yomwe ija n'kulemba m'buku lake la kuchipatala. Amene anafika ndi makilogalamu 9 atataya gawo limodzi mwa magawo 10 a thupi lake ayenera kutuluka akuyandikira makilogalamu 10, ndipo kulemera kumeneku, osati kwa tsiku lofika, ndiko adzakuyerekezere ku sikelo ya mwezi wamawa.